Nkhani yanga ya Tadala yaima pakati: pulojekiti ikagwa kutatsala sabata, mtsogoleri amayambira pati?

Nachisale_Mlembi
Moni nonse apagulu. Ndikulemba nkhani yaifupi koma yandikanika pakati penipeni, ndiye ndati ndibwere kwa inu amene munadutsamo mu mapulojekiti apagulu kukoleji. Mwini nkhani ndi Tadala, wa chaka chomaliza, amaphunzira za makompyuta, ndipo anzake anamusankha kuti atsogolere gulu lawo la anthu asanu. Akupanga sisitimu yosunga marekodi a banki mkhonde. Apa ndi pomwe ndafika:

Foni inalira Tadala ali pamzere wa nsima kukafeteriya. Anali Yamikani, mawu akunjenjemera. "Chikwama chapita," anatero. Anatsika minibasi ku Limbe kuti asinthe, anthu akukankhana pakhomo, ndipo pomwe amati akokere lamba wachikwama anangogwira phewa lake. Laputopu inali momwemo.

Tadala anaika mbale pansi. "Unapusha liti komaliza ku GitHub?" Kumeneko, pa intaneti, ndi komwe gulu limasunga khodi ya sisitimu yawo.

Kunali zii. Kenako Yamikani anati, "Papita masabata atatu."

Linali Lachisanu, ndipo pulojekiti imafunika Lachisanu linalo isanakwane 4 koloko madzulo. Usiku womwewo Chisomo analandira uthenga wamaliro a agogo ake ku Mzimba, m'bandakucha anali atakwera kale basi, chaputala 4 asanamalize. Mphatso yemwe anakangana ndi anzake pa ndalama za thiransipoti yakafukufuku anatuluka pagulu la WhatsApp osatsanzika. Anatsala Tadala, Limbani, ndi Yamikani wopanda makina.

Kuchokera apa ndinalemba kuti Tadala akuchezera usiku uliwonse mpaka walembanso sisitimu yonse yekha, koma mnzanga yemwe anawerenga akuti zimenezo sizingatheke ndipo owerenga amene anapangapo pulojekiti asiyira pomwepo. Ndiye funso langa ndi loti, Loweruka m'mawa akadzuka, Tadala weniweni akupanga chani? Ndikufuna zenizeni, ola ndi ola ngati nkotheka.

Kamtedza99
Iii pepani kwambiri asisi. Mnzanuyo apite kupolisi lero lomwe akatenge lipoti, osachedwa, komanso ngati ali ndi siriyo nambala ya laputopuyo aipereke

Nachisale_Mlembi
Zikomo achimwene koma ndi nkhani yopeka, palibe waberedwa

Kamtedza99
Ooo ndinangowerenga za Limbezo mtima unadumpha. Komabe lipoti la polisilo liikeni munkhanimo, a supavaiza sangangokhulupirira pakamwa kuti laputopu yabedwa, aliyense amatero dedilayini ikayandikira

Mphunzitsi_Wakale
Achemwali, mnzanuyo wanena zoona. Ndayang'anirapo magulu otere ndipo amene amapulumuka si amene achezera kwambiri. Loweruka m'mawa Tadala asayatse n'komwe kompyuta kuti ayambe kulemba khodi. Atenge pepala, aitane awiri otsalawo, akhale pansi awerenge zomwe zilipo m'manja mwawo lero, osati zomwe zinalipo dzulo. Chaputala 1 mpaka 3 zili kwa ndani, zili pa imelo kapena pafulashi? Pa GitHub pali magawo angati omwe akugwira? Mafunso omwe anafunsa amayi a banki mkhonde mayankho ake ali papepala kapena anali mulaputopu yomweyo?

Akatero atulutse pepala lomwe dipatimenti inawapatsa losonyeza kagawidwe kamalikisi. Ophunzira ambiri amaliwerenga tsiku loyamba la semesita kenako osalionanso. Kagawidweka kamasiyana sukulu ndi sukulu, koma munkhani yanu tiyerekeze kuti lipoti ndi 40, sisitimu yogwira ntchito 40, kufotokoza pamaso pa aphunzitsi 20. Akangoliona pepalalo Tadala azindikira kuti wakuba uja sanatenge pulojekiti yonse, wakhudza kwambiri gawo limodzi mwa atatuwo, ndipo ngakhale mugawo limenelo china chatsala pa GitHub. Mantha ake atsikire pamenepo, chifukwa cha manambala omwe akuwaona, osati chifukwa wina wamulimbitsa mtima.

Kenako awerenge maola. Lachisanu ndi lopereka, Lachinayi ndi lopulinta, kubayinda ndi kuyeserera kufotokoza, ndiye masiku ogwira ntchito ndi asanu okha, Loweruka mpaka Lachitatu. Amene amaidziwa bwino khodi ndi Yamikani yekha, ndipo munthu wolemba khodi ali ndi maola mwina 6 patsiku omwe mutu ukugwiradi, opitirira apo amayamba kuononga zomwe wakonza m'mawa. Ndiye ali ndi maola 30. Nkhani yanu yonse ili mu maola 30 amenewo.

Dev_wa_ku_Ndirande
Aphunzitsi afotokoza bwino koma pali msampha umodzi womwe Tadala augwera Loweruka masana ndipo ungakome munkhani. Akakoka khodi ku GitHub pa laputopu yake aona kaye kuti zinaima pati

```
git clone <adilesi ya repo>
cd <dzina la repo>
git log --date=short -5
```

aona deti la masabata atatu apitawo, chabwino, zimenezo akuziyembekezera. Koma akati atsegule sisitimu mu bulawuza ikana, ilemba `Unknown database`. Chifukwa ana asukulu ambiri amagwiritsa XAMPP poyendetsa sisitimu pa kompyuta yawo, khodi imakhala mu `htdocs` ndipo ndi yomwe imapita ku GitHub, pomwe databesi imakhala kwina mu `C:\xampp\mysql\data` ndipo simapita nawo pokhapokha munthu achite kuitulutsa dala. Ndiye matebulo onse apita ndi laputopu. Apa mpomwe mtima wa Tadala ugwe kachiwiri

Zomba_Boy
Sizovuta zimenezo amwene, angolemba `php artisan migrate` matebulo onse abwerera

Dev_wa_ku_Ndirande
Ngati anagwiritsa Laravel ndipo analemba mamayiguresheni eya. Koma gulu lomwe latha masabata atatu osapusha, aise ukuganiza kuti linapanga zimenezo? Ambiri amangopanga matebulo pamanja mu phpMyAdmin. Ndipo ngakhale ya Laravel yo imabweza matebulo opanda kanthu, mayina a mamembala ndi masheya omwe analowetsa sabwerera

Nachisale_Mlembi
Ndiye matebulowo awapeza kuti? Ndisalembe kuti wangokumbukira pamtima chonde

Dev_wa_ku_Ndirande
Malo awiri achemwali, ndipo onse ali nawo kale. Chaputala 3 ya lipoti imakhala ndi chojambula cha databesi, matebulo ndi mmene akulumikizirana, chifukwa a supavaiza amachifuna sisitimu isanayambe kupangidwa. Vuto lake chojambulacho chimakhala chakale, polemba khodi anthu amasintha mayina osabwerera kukakonza. Ndiye malo achiwiri ndi khodi yomweyo, asake mawu oti `INSERT INTO` ndi `SELECT` mumafayilo onse, aliwonse amuuza dzina la tebulo ndi mayina a makolamu ndendende mmene Yamikani anawalembera. Akaphatikiza ziwirizo amanganso databesi, ndi ntchito ya masana amodzi, tinene maola 4. Ndipo imeneyi Tadala atha kuigwira yekha, siyofuna katswiri, ndi yofuna munthu wodekha yemwe sadumpha mzere. Akamaliza chinthu choyamba

```
mysqldump -u root bankimkhonde > bankimkhonde.sql
```

fayilo imeneyo aiponye pa GitHub limodzi ndi khodi, ndipo aike lamulo loti usiku uliwonse palibe wogona asanapushe

Bwana_Shortcut
Anthu inu mukuvutikiranji. Asonkhe ndalama apatse mnyamata wina wamutauni awapangire mumasiku atatu basi, ndi mmene zimakhalira kunjaku. Kapena aitane anzawo atatu a kalasi ina awathandize kulemba

Mphunzitsi_Wakale
Zogulazo zimagwidwa mosavuta kuposa mmene mukuganizira achimwene. Tsiku lofotokoza timangoloza mzere umodzi nkufunsa kuti apa mukasintha chiwongola dzanja kuchoka pa 20 kufika pa 10 peresenti musintha pati, wogula amangoyang'ana anzake. Ndipo chilango chake sikulephera kosi kokha, nkhani imapita ku komiti yosungitsa mwambo.

Zoitana anzawo zikumveka ngati nzeru koma zili ndi vuto lake. Fred Brooks, yemwe anatsogolerapo ntchito yaikulu yamapulogalamu ku IBM, analemba mu 1975 kuti kuonjezera anthu pa pulojekiti yomwe yachedwa kale kumangoichedwetsa kwambiri. Chifukwa chake nchoonekeratu munkhani iyi. Amene angawafotokozere atsopanowo mmene khodi ikuyendera ndi Yamikani, ndiye ola lililonse lomwe akuphunzitsa mlendo likuchoka pa maola 30 aja.

Bwana_Shortcut
Koma aphunzitsi si thandizo lonse loipa, wina atha kubwereka laputopu

Mphunzitsi_Wakale
Pamenepo mwalasa. Thandizo lomwe silifuna kufotokozera alilandire ndi manja awiri: laputopu yobwereka, malo okhala ndi magetsi, wina wowerenga lipoti kusaka zolakwika, wina wokapulinta. Ndipo ine ndikadakhala wolemba, Tadala akadapereka laputopu yake yomwe kwa Yamikani, iye nkumalembera lipoti kulabu. Mtsogoleri akazindikira kuti ntchito yonse yadalira munthu mmodzi, udindo wake ndi kuchotsa chilichonse chomwe chingamuimitse munthuyo, ngakhale iye mwini ali naye mkwiyo.

Nachisale_Mlembi
Imeneyo yandikhudza, chifukwa mumtima Tadala akufuna amukalipire Yamikani koma akumupatsa laputopu yake. Ndiilemba. Tsono maola 30 wo akwana chani? Pa dongosolo lawo panali magawo 6: kulembetsa mamembala, masheya, ngongole, kugawana pakutha pachaka, mauthenga a SMS okumbutsa ngongole, ndi tsamba la magirafu. Pa GitHub pali awiri oyambirirawo

Dev_wa_ku_Ndirande
Kulembanso chinthu chomwe unalembapo kale kumafulumira ndithu koma osati mwamatsenga. Ine ndingaike ngongole maola 10, kugawana 8, kuyesa ndi kukonza zolakwika 6, databesi ija 4, zonse 28. SMS ndi 12 chifukwa imadalira kampani yakunja, akaunti, intaneti, ndipo tsiku la demo ikhoza kungokana popanda chifukwa chomwe ukuchiona. Magirafu 8. Zonse pamodzi 48, iwo ali ndi 30. Ndiye SMS ndi magirafu zidulidwe Loweruka lomwelo, osati Lachitatu usiku atazitayira kale nthawi

Zomba_Boy
Ine magirafu sindingadule, ndi omwe amakopa maso a malekichara. Bola adule kugawana, zimachitika kamodzi pachaka

NaPhiri_wa_Bokosi
Mwanawe zoona ukunena zimenezo? Ine ndine mlembi wa banki mkhonde yathu kuno ndipo ndikuuze kuti tsiku logawana ndi lomwe anthu amayambana mpaka kusiya kupatsana moni. Masheya a sabata ndi sabata tonse timatha kulemba mukope, sizivuta. Chomwe chimatitengera tsiku lonse ndi kugawana. Sisitimu yopanda kugawana ife sitingaifune ngakhale ikhale ndi zithunzi zokongola bwanji.

Nachisale mwanangu ndikupatse chitsanzo uike munkhani yakoyo kuti anawo ayesere makina awo. Tinene sheya imodzi ndi K1,000 ndipo gulu lonse lagula masheya 600 pachaka, ndiye K600,000. Tsiku logawana mubokosi mwapezeka K768,000, koma mayi mmodzi yemwe ali ndi masheya 45 sanamalize kubweza, watsala ndi K12,000. Ngongole imeneyo ndi ndalama ya gulu, ndiye umaiphatikiza kaye, zonse zikhala K780,000. Ukagawa ndi 600 sheya iliyonse yafika pa K1,300. Mayi uja masheya ake 45 akumupatsa K58,500, uchotsepo ngongole yake, apita kunyumba ndi K46,500. Ukapereka kwa onse bokosi litsala lopanda kanthu, ndiye wadziwa kuti walondola.

Koma wosadziwa amangogawa K768,000 ija, sheya nkukhala K1,280, kenako nkumudulanso mayi uja K12,000. Pamapeto mubokosi mumatsala K12,000 yopanda mwini ndipo aliyense walandira zoperewera. Pamenepo mpomwe mawu oti mlembi waba amayambira. Komanso ndalama ya thumba la zadzidzidzi, ya matenda ndi maliro ija, ife sitimaiphatikiza, imakhala payokha

Dev_wa_ku_Ndirande
Amayi mwatipatsa tesiti yabwino kuposa zomwe ana asukulu amalemba okha. Achemwali iyi ikhale ya Lachiwiri usiku: Yamikani wamaliza kugawana, wasangalala, Limbani walowetsa manambala amenewa, sikirini yaonetsa K1,280. Onse akuona kuti palibe uthenga wa vuto, pulogalamu ikuyenda bwinobwino, koma Tadala yemwe anakhala nawo pamphasa amayiwo nthawi yakafukufuku akuti ayi, phatikizani zomwe aliyense walandira muone ngati bokosi latha

Nachisale_Mlembi
Amayi zikomo kwambiri, apa mwandipatsa pachimake pa nkhani. Ndimafuna malo omwe Tadala aoneke kuti ndi wofunika ngakhale sakulemba khodi

Chembe_Girl
Ine zandikumbutsa gulu lathu, ifeyo sinali laputopu koma mnzathu yemwe amasunga mayankho onse a kafukufuku anangosiya kuyankha foni, tinapita kuhositelo kwake atiuza kuti anapita kumudzi chifukwa cha fizi. Tinakwiya koma titamva chifukwa chake mkwiyo unatithera. Chomwe chinatipulumutsa ndi zithunzi za mapepala zomwe anatitumizirapo pa WhatsApp, tinakhala pansi kulowetsanso imodziimodzi. Ndiye Tadala asaiwale kufufuza pagulu lawo la WhatsApp, kumakhala zinthu zambiri zomwe anthu anaiwala kuti anatumiza

Kamtedza99
Nkhani ya fizi imeneyo ndi yomwe yachotsa anthu ambiri. Nanga kupulinta, lipoti la masamba 80 makope awiri kuphatikiza kubayinda, ena amachita kugona ndi njala

Zomba_Boy
Osapulinta makala masamba onse aise, okhawo a zithunzi. Ndipo tengera PDF, ukatengera Word makina awo amasuntha matebulo ako onse, manambala a masamba nkusiyana ndi zamkatimu

Bwana_Shortcut
Komanso sabata yopereka pamakhala mzere woti sungaukhulupirire, inki imatha, magetsi azima, wobayinda wapita kukadya

Chembe_Girl
Chikwama muminibasi chimakhala pamiyendo basi, ngakhale akuuze kuti ikani kumbuyo bwana

Mphunzitsi_Wakale
Tibwerere kwa Tadala, pali chinthu chachikulu chomwe sitinachikhudze. Kudula SMS ndi magirafu si chisankho chomwe gulu lingapange lokha, chifukwa chaputala 1 inalonjeza zolinga, ndipo woyesa amatenga zolingazo nkumachonga chimodzichimodzi poyang'ana sisitimu. Ukadula gawo koma cholinga chake nkuchisiya mulipoti, wadzilembera wekha kuti walephera. Ndiye Loweruka lomwelo Tadala atumize uthenga kwa a supavaiza kupempha kuonana Lolemba m'mawa, asadikire Lachinayi.

Ndipo akamapita asapite ndi misozi yokha. Apite ndi tsamba limodzi: chomwe chachitika ndi lipoti la polisi lomwe achimwene Kamtedza anena, zomwe zatsala, zomwe akutha kumaliza pofika Lachitatu, zomwe akupempha kuti zichoke pa zolinga zipite ku gawo la ntchito zamtsogolo mu chaputala 5. Mphunzitsi akaona tsamba lotero amadziwa kuti akuyankhula ndi munthu yemwe wagwira chiwongolero. Atha kupemphanso masiku oonjezera, koma dongosolo lake lisadalire pamenepo, chifukwa nthawi zambiri deti lopereka si la supavaiza yekha, limakhudza dipatimenti yonse. Akagwirizana, Tadala abwerere akalembe imelo yofotokoza zomwe amvana, kuti tsiku lofotokoza woyesa wina akafunsa za SMS pakhale poloza.

Nachisale_Mlembi
Funso aphunzitsi. Monga ananenera a Chembe_Girl, pa WhatsApp pali zithunzi za sikirini zomwe Yamikani anatumiza SMS ndi magirafu zikugwira, laputopu isanabedwe. Limbani munkhani akufuna aziike mu chaputala 4 ngati zilipo. Ndi bodza kapena ayi? Poti anazipangadi

Bwana_Shortcut
Si bodza, ntchito anagwira, aike basi

Dev_wa_ku_Ndirande
Aike kenako woyesa anene kuti tationetsani tsamba ili, ayankha chani

Mphunzitsi_Wakale
Chaputala 4 imafotokoza sisitimu yomwe mukupereka, ndiye chomwe mulibe musisitimuyo chisalowemo. Koma zithunzizo asataye. Aziike kumapeto kwa lipoti ndi mawu omveka kuti izi ndi za sisitimu yoyamba yomwe inatayika pa deti lakuti ndipo sizili mu yomwe yaperekedwa. Akatero ntchito ya Yamikani yaoneka ndipo palibe wanamizidwa. Woyesa wina aperekapo kanthu, wina sapereka, zimenezo sizili m'manja mwa Tadala.

Mlongo_wa_Ekwendeni
Ine ndikudandaula za Chisomo, nonse mwangomusiya ngati wathawa. Munthu wapita kumaliro a agogo ake. Tadala asamuimbire kufunsa chaputala ali pasiwa, ayambe wapepesa, ngati gulu lingathe litumizeko kangachepe. Zikatero amupemphe chinthu chimodzi chaching'ono, kuti angotumiza fayilo mmene iliri ngakhale yosatha, Tadala amalizitsa. Ndipo kumudzi netiweki imavuta, mwina achita kukwera pachulu kuti ituluke, ndiye asayembekezere yankho ola lomwelo

Nachisale_Mlembi
Zoona asisi, Chisomo abwera Lachitatu ndipo ndikufuna iye ndi amene awerenge lipoti lonse ndi maso atsopano. Amene akundisautsa ndi Mphatso. Dzina lake likhale pachikuto kapena lichoke?

Zomba_Boy
Lichoke. Wathawa nkhondo ili mkati

Chembe_Girl
Ayi aise, miyezi yonse ija anagwira nawo, anayenda nawo kukafunsa amayi a banki mkhonde, sabata imodzi ifafanize zonsezo? Ndipo mwina pa ndalama za thiransipotizo iye ndi amene analakwiridwa, nkhani sinatiuze

Zomba_Boy
Kulakwiridwa kapena ayi umatuluka pagulu anzako ali pamoto? Akalandira malikisi ofanana ndi Tadala chilungamo chili pati

Mphunzitsi_Wakale
Tadala alibe mphamvu yochotsa dzina la munthu, gululo linalembetsedwa ku dipatimenti ndipo ndi dipatimenti yomwe ingasinthe. Chomwe angachite ndi kumulembera Mphatso payekha, kamodzi, momveka: tikupereka Lachisanu, gawo lako ndi masilayidi, tikuwafuna Lachitatu masana, za ndalama tikambirana tonse tikapereka. Akayankha, bwino. Akapanda kuyankha Limbani apanga masilayidiwo, ndipo patsamba losonyeza yemwe anachita chani alembe zoona zokhazokha, zomwe Mphatso anagwira ndi pomwe analekera. Zamalikisi asiyire ife.

NaPhiri_wa_Bokosi
Koma aphunzitsi mwana wa eni akalephera chaka chonse chifukwa cha tsamba limenelo, Tadala agona tulo? Ine ndikadapita kuchipinda kwake ndithu ndisanalembe kalikonse, uthenga wapafoni munthu wokwiya samauwerenga bwino

Mphunzitsi_Wakale
Mayi pamenepo sinditsutsa, kupita nkwabwino. Ndingoti apite kamodzi, asathere masiku awiri akunyengerera munthu mmodzi pomwe atatu akumudikira.

Bwana_Shortcut
Ine ndikuona kuti Mphatso abwerere tsiku lomaliza apulumutse gulu, owerenga amakonda zotero

Nachisale_Mlembi
Ayi achimwene imeneyo ndaikana, ikhala yophweka kwambiri. Ndalembako gawo la Lachitatu usiku, taonani ngati likumveka:

Itakwana 8 koloko Tadala anatseka laputopu ili m'manja mwa Yamikani. "Basi. Kuyambira pano palibe kukhudza khodi."

"Magirafu angonditengera maola awiri okha," anatero Yamikani. Maso ake anali ofiira. "Ndinawapangapo kale, ndikukumbukira zonse."

"Dzulo unatinso kugawana kwatha."

Yamikani sanayankhe. Limbani anatsegulanso makinawo, analowetsa masheya 600 ndi ngongole ya K12,000, ndipo sikirini inaonetsa K1,300. Anaphatikiza zolandira za mamembala onse pa foni yake, kawiri, nkuwaonetsa anzake. Tadala anapusha komaliza, anakopera databesi pafulashi ziwiri, ina anapatsa Chisomo. Kenako anauza Limbani kuti ajambule vidiyo ya sisitimu yonse ikugwira, kuyambira kulembetsa membala mpaka kugawana, kuti magetsi akadzazima tsiku lofotokoza adzakhale ndi choonetsa. Pa foni yake uthenga wopita kwa Mphatso unali ndi tizizindikiro tiwiri tabuluu, yankho panalibe.

Dev_wa_ku_Ndirande
Zotseka khodi Lachitatu ndi zenizeni, kusintha kwa mphindi yomaliza ndi komwe kumapha ma demo ambiri. Chimodzi chokha, musanajambule vidiyo ayese sisitimuyo pa kompyuta ina yomwe sinaikidwepo, akoke ku GitHub, alowetse fayilo ya `.sql` ija aone ngati idzuka. Ikadzuka pamenepo ndiye kuti idzadzukanso muchipinda choyesera. Ndipo zithunzi za chaputala 4 zijambulidwe khodi itatsekedwa kale, apo ayi lipoti lionetsa mabatani omwe pa sikirini palibe

Mlongo_wa_Ekwendeni
Mzere woti dzulo unatinso kugawana kwatha wandipweteka, mnyamatayo waberedwa kale. Koma mwina ndi mmene munthu wotopa angayankhulire, usiyeni

Kamtedza99
Nanga apeza malikisi angati pamapeto? Musatipatse A chonde, magawo awiri adula

Nachisale_Mlembi
Sindikufuna kufika pa malikisi nkomwe, ndikuganiza zothera Lachisanu pakhomo la ofesi akusainira kuti apereka. Dzina la Mphatso ndalisiya pachikuto monga anenera aphunzitsi, koma sindinasankhe ngati Tadala apite kuchipinda kwake kapena ayi, mayi NaPhiri andisokoneza maganizo. Aphunzitsi, patsamba la yemwe anachita chani lija aliyense amasainira yekha? Chifukwa ngati pakufunika siginecha ya Mphatso ndiye kuti afune asafune ayenera kukumana Lachinayi

Mphunzitsi_Wakale
Zimatengera dipatimenti, kwina aliyense amasaina, kwina mtsogoleri yekha. Munkhani yanu muli ndi ufulu wosankha. Mukasankha zoti onse asaine, konzaninso maola a Lachinayi, chifukwa amene amayenera kukaima pamzere wopulinta m'mawa ndi Tadala, ndiye atume Chisomo ndi PDF ndi ndalama, iye apite kukamufuna Mphatso.